Matope omangira njerwa ndi a pulasitala: muyeso wa simenti, ndi chifukwa chake akachuluka khoma limachita ming'alu

Amalume anga atalandira ndalama zawo za penshoni anaganiza zomanga mpanda kumaso kwa nyumba, mamita 20 m'litali, mamita 2 kupita m'mwamba, khoma la nayini inchi la njerwa zowotcha. Mmisiri atawauza kuti thumba limodzi la simenti azisakaniza ndi mawilibala atatu a mchenga, iwo anakana kwamtuwagalu. "Amisiri, ine sindikumanga khola la nkhuku. Thumba limodzi, wilibala imodzi ndi theka. Simenti ndikugula ndine." Mmisiriyo anangoti, "Chabwino bwana," poti mwini ndalama walankhula. Chaka chisanathe, mpanda uja unali ndi ming'alu itatu yoimirira yodula njerwa pakati, ndipo pulasitala wake anali atalembekalembeka ngati chigoba cha fulu. Mpanda wa anansi awo, womangidwa chaka chomwecho ndi simenti wochepa, unali bwinobwino.

Ambiri timaganiza ngati amalumewo, kuti simenti ali ngati ndalama, akachuluka zinthu zimakoma. Koma simenti m'matope ali ngati mchere m'ndiwo: pali pamene amakwanira, ukapitirira pamenepo wawononga.

Muyeso ndi ndowa, osati fosholo

Tisanayerekeze kasakanizidwe, tigwirizane kaye za muyeso. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limakwana malita pafupifupi 33, ndiye kuti ndowa imodzi ya malita 20 ndi ina yopitirira theka pang'ono. Wilibala ya amisiri, ukaidzaza n'kusalaza pamwamba, imanyamula malita pafupifupi 65. Choncho munthu akati 1:6, kutanthauza gawo limodzi la simenti ku magawo 6 a mchenga, akunena thumba limodzi ku mawilibala atatu, kapena ku ndowa 10. Akati 1:4 akunena thumba limodzi ku mawilibala awiri. Muyeso wa amalume uja, wilibala imodzi ndi theka, ndi 1:3.

Kuwerenga mafosholo n'kudzinamiza. Simenti wouma amatsetsereka pafosholo, pamene mchenga wonyowa umaunjikana ngati chulu, ndipo fosholo ya mnyamata wosakaniza m'mawa si yofanana ndi fosholo yake yamadzulo atatopa. Zotsatira zake, khoma limodzi limakhala ndi matope amitundu inayi. Wilibalanso muiyese kamodzi ndi ndowa, chifukwa zina zogulitsa m'misika ndi zazing'ono, ndiye wina amaganiza kuti akusakaniza 1:6 pamene akusakaniza 1:4.

Ntchito ya matope pakati pa njerwa

Matope omangira sanapangidwe kuti azipikisana ndi njerwa. Ntchito yake ndi kuyala pogona njerwa kuti kulemera kwa khoma kugawike mofanana, kumatirira ku njerwayo, ndi kutseka mipata kuti mvula isadutse. Lamulo limene ine ndimaligwiritsa ndi lakuti matope azikhala ofookerapo kuposa njerwa kapena buloko limene akulumikiza. Khoma lililonse limasuntha pang'ono, limafufuma dzuwa likaomba, limabwerera usiku, nthaka pansi pake imakhazikika. Ngati chinachake chiyenera kugonja pa kusunthaku, ndi bwino agonje matope, poti amenewo ungathe kuwakolopola n'kumatanso, kusiyana ndi kuti isweke njerwa.

Ndiye tiyerekeze njira zimene zilipo.

Muyeso wa 1:6 ndiwo wa tsiku ndi tsiku. Makoma a nyumba yosasanja, kuchokera pasilabu mpaka pamalata, kaya ndi a njerwa zowotcha kaya a mabuloko a simenti, komanso mipanda, zonsezi 1:6 amakwanira. Njerwa zathu zambiri zowotchera mu uvuni wa nkhuni si zolimba kwambiri, makamaka za m'mbali mwa uvuni zimene moto sunazifike bwino, choncho ngakhale 1:6 nthawi zina amakhala wolimba kuposa njerwayo.

Muyeso wa 1:4 uli ndi malo ake, ndipo ndi ochepa: maziko a pamalo achinyezi, khoma lotchinga dothi, mzati wopyapyala wa njerwa umene ukusenza bimu, mzere wapamwamba pa mpanda umene mvula imagwapo mwachindunji. Pamenepo pafunikanso njerwa zosankha, zakupsa bwino, zolira ngati chitsulo ukaziombanitsa. Kuika 1:4 pa njerwa zofiirira zosapsa ndi kuveka nsapato zachitsulo mwana wongophunzira kuyenda.

Muyeso wa 1:3 si womangira njerwa. Malo ake ndi posalaza pansi, pomata mkati mwa thanki ya madzi, ndi ntchito zina zotero.

Kumbali ina kuli 1:8 ndi kupitirira, umene umabwera simenti akayamba kuthera m'njira. Matope ake sagwira madzi, amakhala okhakhala pampeni womangira, ndipo akauma ukawakanda ndi msomali amayoyoka. Musamve ngati ndikunena kuti simenti achepe mulimonse. Ndiponso kumangira dothi lokha, monga timachitira kumudzi, kumapulumutsa ndalama ndithu ndipo khoma lake silichita ming'alu ya simenti, koma madzi akaima m'munsi mwa khoma masiku awiri dothilo limasungunuka. Amene anaona nyumba zikugwa m'chigawo cha kumwera nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 sakufunika kuwafotokozera. Ngati ndalama zavuta, maziko ndi mizere yoyambirira pamwamba pake zikhale za simenti.

Njira imene ndimaikonda, ikapezeka, ndi yothiramo laimu womangira: gawo limodzi simenti, limodzi laimu, magawo 6 mchenga. Laimu amapangitsa matope kukhala ofewa ngati phala la mwana, amasunga madzi kuti njerwa isawayamwe msanga, ndipo akauma sakhala ouma gwa, amalola kusuntha pang'ono osang'ambika. Akhale laimu womangira, osati uja wothira m'munda. Simenti wina amabwera atakonzedwa kale kuti akhale wa matope ndi pulasitala basi. Pathumba pake pamalembedwa MC, mwachitsanzo MC 22.5X. Ameneyu simuthiranso laimu, mchenga wake mutsate zimene zalembedwa pathumba poti amanyamula wocheperapo, ndipo musamugwiritse ntchito pa konkire ya bimu kapena silabu. Pa simenti wamba, wolembedwa nambala ya mphamvu 32.5 pathumba ndi wokwanira kumangira ndi kupulasitala. Wa 42.5 ndi wabwino pa konkire, koma m'matope mphamvu yake yowonjezerayo palibe chimene ikukugulirani.

Chimene chimachitika simenti akachuluka

Mchenga sukhwinyata. Unyowe, uume, kukula kwa timiyala take n'komweko. Chimene chimakhwinyata ndi phala la simenti ndi madzi limene lili pakati pa timiyala ta mchengawo. Madzi ena amalowa m'ntchito yolimbitsa simenti, otsalawo amauluka pang'onopang'ono kwa masabata ndi miyezi, ndipo pamene akuuluka phala lija limadzikoka. Mu 1:6 mchenga ndi wambiri, timiyala take tagundanagundana, ndiye phala likafuna kudzikoka limapeza potsamira paliponse. Mu 1:3 phala ndi lambiri, mchenga ukungosambira m'kati mwake, ndiye chinthu chonsecho chimadzikoka kwambiri.

Koma matopewo si aufulu. Amatiridwa ku njerwa pamwamba ndi pansi, ndipo njerwa yowotcha sikhwinyata nawo. Kunena zoona, njerwa ikatuluka mu uvuni imafufuma pang'ono pamene ikuyamwa chinyezi cha mumpweya. Wina akukokera mkati, wina akukankhira kunja. Apa pali vuto lachiwiri: matope a simenti wambiri ndi ouma gwa ngati mbale yadothi, sadziwa kupindika. Matope ofookerapo amagonja m'timing'alu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tobalalika m'mizere yonse ya khoma. Olimba kwambiri amapirira, kupirira, mpaka mphamvu yonse ija imatulukira pamalo amodzi.

Imatulukira m'njira ziwiri. Yoyamba, matope amalekana ndi njerwa. Mukayang'anitsitsa mudzaona kamzere kopyapyala ngati tsitsi kakutsata m'mphepete mwa njerwa, pamene matopewo paokha ali olimba moti msomali sulowa. Kamzereko ndi njira ya madzi, ndipo n'chifukwa chake khoma la simenti wambiri lingathe kulowa chinyezi kuposa la simenti woyenera. Yachiwiri, ngati matope agwira njerwa zolimba osalekana nayo, imasweka ndi njerwayo, ndipo mng'alu umatsika molunjika kudula mzere, njerwa, mzere, njerwa. Imeneyi ndi ija ya pampanda wa amalume.

Kukhuthala kwa mzere wa matope pakati pa njerwa kumawonjezera moto. Mzere woyenera ndi wa mamilimita 10, osapitirira 15. Njerwa zoumba pamanja zimasiyana kukula, chikombole cha uyu si cha uyo, ndiye mmisiri amafananitsa ndi matope mpaka mzere kufika mamilimita 25 kapena 30. Mzere wokhuthala chotero, uli wa 1:3, ukudzikoka mowirikiza. Kugula njerwa zonse pa uvuni umodzi kumathandiza kuposa kuwonjezera thumba la simenti.

Pa madzi, njerwa zowotcha ndi mabuloko a simenti zimafuna zosiyana, ndipo ambiri amasokoneza. Njerwa yowotcha ili ndi ludzu. Ukaiyala youma imayamwa madzi a m'matope simenti asanayambe kugwira, choncho izinyowetsedwa maola angapo musanamange, ikhale yonyowa m'kati koma yosachucha madzi kunja. Buloko la simenti limangidwe louma, chifukwa nalonso limakhwinyata likamauma. Kulinyowetsa, kapena kumangira longoumbidwa sabata yomweyo, ndi kuitana ming'alu. Mabuloko akuchuluka masiku ano, makamaka chiyambire 2018 pamene boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo amisiri ena asamukira ku mabuloko atanyamula chizolowezi chonyowetsa chija.

Pulasitala

Muyeso wa pulasitala ukauona papepala sutalikirana kwambiri ndi womangira, koma moyo wake ndi wina. Matope a pakati pa njerwa ndi obisika, amangoonetsa kankhope kakang'ono kunja, ndipo khoma lawapanikiza. Pulasitala ndi chikopa chopyapyala chotambasuka pakhoma lonse, mbali imodzi njerwa ikumuyamwa madzi, mbali inayo dzuwa ndi mphepo zikumuumitsa. Cholakwika chilichonse cha m'kasakanizidwe chimaonekera poyera.

M'kati mwa nyumba 1:6 ndi wokwanira. Kunja, kumene mvula imawomba, 1:5 ndi wabwino, ndiye kuti thumba ku ndowa 8. Wa 1:4 ndimamusungira m'munsi mwa khoma mmene madzi a padenga amathovukira, ndi malo onyowa nthawi zonse, pakhoma la njerwa zolimba kapena konkire. Lamulo lija silisintha: chapamwamba chisalimbe kuposa chapansi. Pulasitala wolimba pa njerwa zofewa akamadzikoka amang'amba nkhope ya njerwa n'kutukumuka nayo limodzi. Pa zidina ndiye zimaipiratu. Mwina munaonapo nyumba ya zidina imene pulasitala wake wagwa chigamba chachikulu ngati chitseko, kumbuyo kwake kuli dothi lomatirira.

Kukhuthala kwake kukhale mamilimita 10 mpaka 15. Khoma likakhala lokhota moti pena pakufunika 25, musaponye zonse tsiku limodzi. Ponyani koyamba, mukande mizere ndi msomali kapena chipeso cha waya kuti pakhale pogwira, padutse masiku angapo, kenaka muponye kachiwiri ndi matope osaposa oyambawo mphamvu.

Kusiyana kwenikweni kwa matope awiriwa kuli pa mchenga. Womangira ukhoza kukhala wokhakhalako, ndipo kadothi pang'ono ka mchenga wa kudambo kamathandiza kuti matope aziyalika bwino. Wa pulasitala uyenera kusefedwa ndipo ukhale woyera. Mchenga wosalala kwambiri kapena wadothi umamwa madzi ochuluka kuti ufewe, ndipo madzi onse owonjezerawo adzatuluka ndithu, n'kusiya ming'alu. Wa kumtsinje wokhawokha nawonso nthawi zina umakhakhala moti sukakamira pakhoma, ndiye mmisiri amawonjezera simenti kuti matope amvere. Pamenepo mankhwala si simenti, koma kusakaniza mchenga wa kumtsinje ndi wa kudambo woyera, kapena kuthira laimu. Sopo amene ena amathira kuti matope atelere amadzaza thovu m'kati n'kuwafooketsa mosadziwika muyeso.

Kuyesa mchenga n'kosavuta. Thirani mchenga mpaka theka la botolo loonekera, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri, muliike pansi mpaka mawa. Mchenga umakhala pansi, dothi limayala pamwamba pake. Ine dothilo likapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a zonse zakhazikikazo, mchengawo sindiupititsa pa pulasitala.

Chizolowezi china choipa chimabwera pomaliza. Pofuna kuti khoma lioneke losalala ngati galasi, mmisiri amawaza simenti wouma pamwamba, kapena amapitiriza kusisita ndi chosalazira chachitsulo. Kuteroko kumakokera phala la simenti kunkhope, ndiye ngakhale munasakaniza 1:6, kachikopa kapamwambako kasanduka simenti yekhayekha. Ndiko kamachita timing'alu tolukanalukana ngati ukonde, timene timaonekera bwino khoma likanyowa. Kathabwa kosalazira kamasiya nkhope yokhakhala pang'ono, koma ndi imene imakhalitsa, ndipo penti amaigwira bwino.

Kenaka madzi. Simenti salimba chifukwa chouma, amalimba chifukwa chokhala ndi chinyezi. Pulasitala woponyedwa masana a Okutobala ku Chikwawa, kapena pakhoma loyang'ana mphepo ya mwera mu Julaye, angathe kung'ambika tsiku lomwelo asanagwire n'komwe. Nyowetsani khoma musanaponye, gwirani mbali imene kuli mthunzi, ndipo kuyambira mawa lake muziwaza madzi kawiri kapena katatu patsiku kwa masiku osachepera atatu, sabata yathunthu ngati madzi alipo. Matope osakaniza kale agwiritsidwe ntchito pasanathe maola awiri. Aja otsala pa nkhomaliro, amene mnyamata amawathira madzi kuti adzukenso, atayidwe.

Mtengo wa mpanda uja

Tibwerere kwa amalume. Khoma la mamita 20 kwa 2 ndi masikweyamita 40. La nayini inchi limadya njerwa pafupifupi 100 pa sikweyamita, ndiye njerwa 4,000. Pa 1:6, ndi mizere ya mamilimita 10, njerwa 1,000 zimatenga matumba atatu a simenti ndi mawilibala 9 a mchenga. Mpanda wonse matumba 12. Pa 1:3 matumbawo amafika cha m'ma 22. Pulasitala wa mbali zonse ziwiri ndi masikweyamita 80. Pa 1:5, wokhuthala mamilimita 15, ndi matumba 9 kapena 10; pa 1:3 ndi cha m'ma 14. Ndiye kuti amalume anagula matumba pafupifupi 15 owonjezera, ndipo chimene anagula nawo ndi ming'alu. Kachigawo kochepa ka ndalama imeneyo kakanagula waya woyala m'mizere, mzere wachitatu kapena wachinayi uliwonse. Chinanso chimene mpandawo unkasowa sichidya ndalama konse: mpata wowongoka wodula khoma mamita 6 aliwonse kapena chapompo, pambali pa mzati, kuti khoma lalitali lizipumirapo.

Kuwerenga mng'alu

Si mng'alu uliwonse umene uli mlandu wa simenti, ndipo musanagwetse pulasitala ndi bwino kudziwa amene mukulimbana naye. Wa simenti wochuluka ndi wopyapyala, wofanana kukula kuchokera poyambira mpaka pothera, umaoneka m'miyezi yoyambirira kenaka n'kuima. Mukakanda matope pambali pake ndi msomali, msomali umangotsetsereka. Ngati matope akuyoyoka ngati chigumu chouma, vuto ndi simenti wochepa, mchenga wadothi kapena kusathirira madzi. Mng'alu wokwera ngati masitepe kuchokera pakona kapena pawindo, wotakata mbali imodzi n'kupyapyala mbali ina, umene umatseguka m'chilimwe n'kutsekeka m'dzinja, umenewo ndi wa maziko, kawirikawiri pa dothi la makande kapena pafupi ndi mtengo waukulu, ndipo palibe muyeso wa matope umene ungauchize. Kuti mudziwe ngati mng'alu ukuyenda, lembani ndi pensulo pamene wathera, mulembe ndi tsiku, mudzaonenso pakatha miyezi iwiri.

Pulasitala mumamufunsa pomugogoda ndi kiyi kapena chogwirira cha sikuludiraiva. Pamene wagwira pamalira mwakuthwa. Pamene walekana ndi khoma pamamveka ngati ng'oma. Timing'alu ta ukonde pa pulasitala wogwira bwino si toopsa, timatsekeka ndi zomatira za penti. Wolira ngati ng'oma achotsedwe mpaka pamene ayambira kulira bwino.

Pampanda wa amalume tinachotsa pulasitala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa ming'alu itatu ija, iwiri tinaidula bwino n'kuisandutsa mipata yopumira, poti khoma linali litasankha lokha pamene likufuna kupumira. Wachitatu unali pafupi ndi geti, ndiye tinazula njerwa zoswekazo imodziimodzi n'kuika zina ndi matope a 1:6. Kuzulako kunatitengera masiku awiri ndi tchizulo, ndipo njerwa iliyonse yoyandikana nayo inkabenthuka matope asanagonje. Amalume anaima pambali akuonerera, kenaka anati, "Mphwanga, koma simenti uja anali weniweni." Ndinawavomera kuti analidi weniweni, n'kutuma mnyamata kuti akatenge ndowa yoyezera mchenga.